Collins, NWL kapena dikishonale ya kusukulu: woweruza akhale uti pa Scrabble?

Anzanga amene timasewera nawo Scrabble Loweruka masana ku Area 25 atopa nane, nanenso ndatopa ndi funso lawo loti tizikhulupirira dikishonale iti. Ndiyankha pano kamodzi, koma dziwiranitu kuti NWL ndili nayo kukhosi.

Tsiku lina ndinaika SADZA, Z atakhala pa bokosi lochulukitsa chilembo katatu. Z ndi mapointi 10, katatu 30, zilembo zinazo 5, onse pamodzi 35. Achimwene ena anati, "Imeneyo ndi nsima ya ku Zimbabwe, si Chingerezi. Chotsani." Tinafunsa pulogalamu ya pafoni imene ndinalipira ndekha, ndipo inawakana mawuwo. Ndinanyamula matailosi anga, mwayi wosewera unandidutsa, gemu ndinaluza ndi mapointi 12. Usiku ndi pamene ndinaona kuti pulogalamuyo inabwera itatcheredwa pa NWL, mndandanda wa osewera a ku America ndi Canada. Nditasintha kupita pa Collins, SADZA inavomera, UGALI chimodzimodzi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti mindandanda iwiriyi siweruza ngati mawu ndi omveka kapena ayi. Imatola mawu amene analowa kale m'madikishonale akuluakulu. NWL imadalira a ku America monga Merriam-Webster, pamene Collins imatenga a ku Britain, a Collins ndi Chambers, n'kuphatikizamo mawu a mndandanda wa ku America uja. N'chifukwa chake Collins ya 2019 inali ndi mawu 279,496, pamene NWL ya 2018 inali ndi 192,111. Mawu a kuno ku Africa amapezeka kwambiri mu Collins. Komabe musamayembekezere chilungamo: NSIMA ndinaiyesa pa Collins ya 2021, inakanidwa, sadza ya aneba ikudutsa.

Pa mayina, awiriwa sasiyana lamulo. Mawu amene nthawi zonse amayamba ndi chilembo chachikulu saloledwa, choncho MALAWI ndi LILONGWE iwalani. Nanga bwanji CHINA ndi TURKEY amadutsa? Chifukwa ali ndi tanthauzo lina lolembedwa ndi chilembo chaching'ono: china ndi mbale zadothi zosweka zija, turkey ndi nkhukundembo. ZAIRE imadutsa ngati ndalama yakale ya dzikolo. KWACHA ndi TAMBALA zimaloledwa konsekonse pa chifukwa chomwecho. MALI, kutanthauza wolima dimba ku India, ndi ya Collins yokha.

Zidule n'zosavuta. TV, KG ndi DR ayi, chifukwa ndi zizindikiro chabe za mawu ena. LAB, EXAM ndi REF inde, poti anthu amazitchula ngati mawu paokha, ndipo RADAR ndi LASER anasiya kalekale kuoneka ngati zidule. OK anadikira mpaka 2018 kuti alowe ku America, 2019 ku Collins.

Pamene timakanganirana kwambiri ndi pa S wochulukitsa, ndipo apa ndi pamene dikishonale ya kusukulu imagwera. Ambiri timayamba ndi iyo chifukwa ndi imene ili m'nyumba. Koma iyo imangolemba dzina limodzi, siikuuzani ngati S akuloledwa kumapeto, ndiye aliyense amakumbukira aphunzitsi ake a Chingerezi. Mayi wina amene timasewera naye, mphunzitsi wopuma, anatsala pang'ono kugubuduza bolodi ataona MAIZES ndi FURNITURES. Pa mayeso a Fomu 4 zimenezo ndi cholembera chofiira, koma mindandanda yonse iwiri imazilola, poganiza kuti munthu angathe kunena za mitundu ingapo ya chimanga. SHEEPS ndiye ayi, chifukwa dikishonale inanena kale kuti nkhosa zambiri ndi SHEEP yemweyo. MOUSES imadutsa ngakhale mbewa zambiri ndi MICE, poti mouse ndi mneninso. Chimene chimandisangalatsa ine ndi MATAMBALA: kuchulukitsa kwathu kwa Chichewa kunalowa momwemo, pambali pa TAMBALAS. Vuto lina la dikishonale ya kusukulu n'lakuti zidule zija imazilemba ngati mawu, munthu n'kumakuloza ndi chala kuti "si iyi TV ili apa?"

Ngati mumasewera ndi abale a ku America pa intaneti, NWL muidziwe, ndipo musamaike ZO, CH kapena ZE, chifukwa kumeneko kulibe. Mawu a zilembo ziwiri mu NWL ya 2018 ndi 107, mu Collins ya 2019 ndi 127. Kwa ife a ku Lilongwe ndi Collins basi, poti ndi imenenso amagwiritsa ntchito pa mipikisano ya WESPA, bungwe la osewera Scrabble ya Chingerezi padziko lonse. Tsopano tisanagwedeze thumba la matailosi, foni imayenda pa tebulo lonse aliyense aone kuti palembedwa CSW, chidule cha Collins Scrabble Words, ndi chaka chake. Achimwene aja sanandibwezerebe 35 yanga.