Khadi yakoyako, khadi ya pa foni, ya m'bale wa ku Joni kapena ejenti: tilipire bwanji malonda a pa Facebook kuno ku Harare?

Achemwali anga amasoka mayunifolomu a sukulu ku Glen View, ndipo ine ndi amene ndimawayendetsera malonda a pa Facebook. Njira zinayi zolipirira zimene anthu amakambirana kuno ndaziyesapo zonse, zina mwakufuna, zina chifukwa chosowa pogwira. Poziyerekeza ndigwiritsa ntchito kampeni imodzi imene timachita chaka chilichonse sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale: madola 5 pa tsiku kwa masiku 20, onse pamodzi madola 100.

Khadi wamba ya ZimSwitch, ija timagulira zinthu m'masitolo, siyigwira ntchito pa Meta, eni ake a Facebook, kapena pa Google. Pamafunika Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola enieni a ku America kumbuyo kwake. Njira zonse zinayi ndi zofunafuna khadi yotereyi basi.

Ndiyambe ndi imene ndimagwiritsa ntchito lero, khadi yoikiratu ndalama. Mabanki angapo, monga FBC ndi BancABC, ali ndi makhadi otere: umapita ndi chitupa ndi madola m'manja, amakuikira pa khadi, ndipo imalipira kunja mpaka ndalamazo zitatha. Ubwino wake ndi woti singatulutse zoposa zimene waikamo. Ukaiwala kuzimitsa malonda, kapena nambala ya khadi ikagwera m'manja mwa akuba, chotayika ndi chokhacho chili m'menemo. N'chifukwa chake khadi ya malonda ndimaisiya payokha, sindiguliranso china chilichonse.

Koma khalidwe lomwelo ndi limene linandigwetsa chaka choyamba. Meta sikutenga ndalama pa tsiku limene wayatsa malonda. Imakulola kuwononga kaye, kenako imadula pa khadi ngongole ikafika pa malire amene pa Billing & payments amalembedwa kuti `Payment threshold`. Nthawi imeneyo malire athu anali madola 25, ndipo pa khadi panatsala madola 25 ndi masenti ochepa. Ine mtima unali m'malo. Ndinaiwala kuti banki imaika chindapusa chake pamwamba pa malipiro aliwonse akunja, choncho ndalama sizinakwane ndipo khadi inakanidwa. Malonda anaima Lachisanu usiku, ine ndinazindikira Lamlungu, ndipo ku banki ndinakafika Lolemba. Masiku atatu amenewo ndi omwe makolo amakhala pa foni kufunafuna yunifolomu. Achemwali anangondiyang'ana atagwira sizasi, n'kunena kuti, "Achimwene, foni yakhala chete ngati kumanda, mwatani kodi?" Chizindikiro chake sichibisika ukachidziwa: mauthenga a pa WhatsApp amangoduka mwadzidzidzi, ndipo ukatsegula Ads Manager, tsamba loyendetserapo malonda, umapeza uthenga wofiira pamwamba wonena kuti malipiro alephera. Kuyambira pamenepo, pa kampeni ya madola 100 ndimaika madola 115.

Pali kanthu kena kokhudza malire amenewa kamene anthu ambiri sakaona. Akaunti yatsopano imayamba ndi malire aang'ono kwambiri, mwina madola awiri, ndipo amakwera pang'onopang'ono ukamalipira bwino. Ngati banki yako imadula chindapusa chokhazikika pa malipiro aliwonse, tinene masenti 50, ndiye kuti pa madola awiri aliwonse ukutaya gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa madola 25 masenti 50 omwewo sapweteka. Choncho musanasankhe khadi, funsani ngati chindapusa chake ndi cha peresenti kapena chokhazikika, makamaka ngati akaunti yanu ndi yatsopano.

Njira yachiwiri ndi khadi ya pa foni, monga Mastercard imene munthu amapanga kuchokera ku chikwama cha madola cha EcoCash. Palibe pulasitiki, umangopatsidwa nambala, tsiku lothera ndi manambala atatu a chitetezo. Pa liwiro palibe yoiposa. Ndalama zikachepa Loweruka madzulo, umathamangira kwa wothandiza wa pa shopu, kuika madola, n'kulipira ngongoleyo ndi batani la `Pay now` usanafike ndi kunyumba komwe. Chikhala kuti ndinali nayo chaka chija, masiku atatu aja sakanatayika. Chovuta chake n'choti ndalama za malonda zimakhala m'chikwama chimodzi ndi za magetsi, za ndiwo ndi za chithandizo cha maliro. Umagula magetsi Lachiwiri, Meta ikubwera kudzadula Lachitatu, ikupeza mulibe. Makhadi otere amakhalanso ndi tsiku lothera ntchito, ndipo ukapanga ina uyenera kukumbukira kukasintha nambala pa akaunti ya malonda. Ine ndimaiika ngati khadi yachiwiri, yodikirira pamene yoyamba yakanidwa.

Yachitatu ndi khadi ya m'bale wa kunja. Ambiri a ife tili ndi mphwathu kapena mlamu ku Joni, ndipo makhadi a kumeneko sakanidwa kawirikawiri. Ndinagwiritsapo ntchito ya mphwanga kwa miyezi iwiri. Vuto n'loti umadziitanira ndalama yachitatu m'nkhani imene inali ndi ndalama ziwiri kale, dola ya ku America ndi ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Akaunti yathu imawerengera m'madola, khadi yake ndi ya randi, ndiye banki yake imasintha pa mtengo wa tsiku limene Meta yadula, n'kuikapo ndi chindapusa chosinthira. Tingoyerekeza kuti dola yachoka pa marandi 18 kufika pa 19 mkati mwa kampeni: madola 100 omwe aja achoka pa marandi 1,800 kufika pa 1,900, ndipo wina ayenera kulipira kusiyanako. Powabweza ndalamazo umalipiranso potumiza. Komanso banki ikafuna kutsimikizira malipiro, nambala yachinsinsi imapita ku foni ya mwini khadi, amene mwina ali pa ntchito ya usiku. Ndinasiya pamene ndinaona kuti tayamba kulankhulana ngati wangongole ndi wokongoza. Chibale ndi fupa, sichiola, komabe sindinafune kuchiyesa ndi marisiti a Facebook.

Ena amati bwanji osangotsegula akauntiyo m'marandi. Zimatheka, koma dziwani kuti mtundu wa ndalama umasankhidwa potsegula. Pa Meta ukafuna kusintha amakutsegulira akaunti ina yatsopano, ndipo pa Google Ads susintha n'komwe. Munthu amene amagulitsa m'madola kuno ku Harare asankhe madola.

Yachinayi ndi ya ejenti, anyamata aja a m'tauni amene umawapatsa ndalama m'manja, ngakhale za ZiG, iwo n'kukuyendetsera malonda pa akaunti yawo. Kwa munthu wofuna kulengeza kamodzi kokha, mwina konsati ya kwaya, palibe cholakwika. Kwa wamalonda wa chaka ndi chaka sindiilimbikitsa. Mtengo wosinthira amaika okha, phindu lawo lili m'katimo, ndipo suona kuti mwa madola 100 ako ndi angati afikadi kwa Meta pokhapokha atakuonetsa risiti yochokera pa Billing & payments. Chithunzi choonetsa anthu amene aona malonda si risiti. Mbiri yonse ya kampeni imatsalanso pa akaunti yawo, ndipo ngati kasitomala wina wa ejentiyo aphwanya malamulo akaunti n'kutsekedwa, malonda akonso amafera pomwepo. Ngati mukufuna thandizo la katswiri, mupatseni chilolezo chogwira ntchito pa akaunti yanu, khadi ikhale yanu.

Tsopano za kusinthasintha kwa ndalama, komwe kwenikweni ndi kumene kumasiyanitsa njirazi. ZiG inayamba mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho, Reserve Bank of Zimbabwe inaitsitsa mphamvu tsiku limodzi, kuchoka pafupifupi pa 14 kufika kupitirira pang'ono 24. Taganizani munthu amene anasunga ZiG 1,400 akuti ndi madola 100 a malonda. Pofika madzulo a tsikulo, pa mtengo wa boma womwewo, anali ndi madola pafupifupi 57. Kampeni ya masiku 20 yasanduka ya masiku 11. Ndipo amene ankagula madola mumsewu anali atamva kale kuwawa milungu ingapo m'mbuyomo, chifukwa mtengo wa kumeneko unali utathawa kalekale.

Ngongole ya Meta ili m'madola, ndiye ndalama yoilipirira iyenera kugona m'madola kuyambira tsiku limene mwaganiza zochita kampeni. Apa khadi yoikiratu ndalama ndiyo ikupambana: ukaika madola 115 mu Novembala, mu Januwale ukawapeza ali madola, kupatula tindalama timene banki ingadule posunga khadiyo. Ife timachita motere: makasitomala ambiri amalipira madola, ndipo pa oda iliyonse achemwali amapatula ndalama, poyamba anali madola awiri, kuika m'chitini cha mabatani. Akakwana 20 ndimakaika pa khadi. ZiG imene yalowa timalipirira zinthu za konkuno zimene zimalandira ZiG, sitiisungira malonda.

Kumbali ya Meta nakonso ndimatseka mipata. `Daily budget` si malire enieni a tsiku. Meta ikhoza kupitirira ndi 75 peresenti pa tsiku limene yaona kuti anthu akuyankha, ndiye madola 5 akhoza kukhala 8.75, ngakhale pa mlungu wonse sipitirira madola 35. Google nayo imatha kuwononga kawiri bajeti ya tsiku. Khadi yokhala ndi ndalama zongokwanira ikhoza kuuma msanga kuposa mmene unawerengera. Ndimasankha `Lifetime budget` ya madola 100 yokhala ndi tsiku lothera, kenako ndimaika `Account spending limit` pa madola 100 omwewo. Ndipo a iPhone, musadine `Boost post` mu apu: Apple imaonjezapo 30 peresenti yake. Tsegulani Ads Manager pa kompyuta kapena pa bulawuza ya foni.

Mtengo weniweni wa njira iliyonse umadziwika kampeni ikatha, osati pa chikwangwani cha ku banki, pakuti zindapusa ndi misonkho monga IMTT, uja amadula potumiza ndalama pa foni kapena ku banki, zimasintha kawirikawiri. Ndimatenga sitetimenti, ndimaphatikiza zonse zimene zatuluka kuyambira poika ndalama, n'kugawa ndi zimene zili pa marisiti a Meta. Kampeni ina ya Januwale, marisiti anali madola 100, zotuluka zonse madola 108, kutanthauza kuti dola iliyonse ya malonda inatidyera 1.08. Maoda amene anabwera kudzera pa malondawo anali 27, ndiye oda iliyonse inatidyera madola 4. Achemwali ataona nambala imeneyi anati chitini cha mabatani chizilandira madola anayi pa oda, osati awiri, ndipo anakweza mtengo wa diresi ya sukulu ndi dola imodzi.