Funso kapena Lonjezo: Chiti Chiyikidwe pa Silaidi Yoyamba?

Pa positi ya zithunzi zingapo zotsatizana, munthu amene chala chake chikuthamanga pafoni amangoona silaidi yoyamba. Ikapanda kumukoka, zotsalazo mwadzilembera nokha. Tiyerekeze kuti mwakonza masilaidi 6 onena za batire ya foni, ndipo mukusankha mawu apachikuto.

Funso: "Bwanji batire yanu ikumatha dzuwa lisanalowe?"
Lonjezo: "Zinthu 4 zimene zikudya batire ya foni yanu."

Funso silivuta kulemba, koma kulilakwitsa nkosavutanso. Mukafunsa kuti "Kodi batire yanu imatha msanga?", munthu amangoyankha mumtima kuti eya, nkupitirira. Funso logwira ntchito ndi lija loyamba ndi "bwanji" kapena "nchiyani", chifukwa yankho lake alibe, ndiye amakankha chithunzicho kuti aone chotsatira. Ngakhale apo, limakola okhawo amene vutolo likuwasautsa kale.

Lonjezo limafuna kuti muyambe mwamaliza masilaidi amkati, popeza nambalayo iyenera kukhala yoona. Mukati 4, zikhaledi 4, ndipo choyamba chioneke pa silaidi yachiwiri pomwepo, osati moni ndi mbiri yanu. Ubwino wake, owerenga amadziwiratu chimene apeze ndiponso kutalika kwake.

Pa kuwerengeka, zonse zimagwa mawu akachuluka. Ine ndimachepetsa chithunzicho mpaka kukula ngati chala chachikulu. Ndikalephera kuwerenga, ndimadula mawu.

Ngati mukungoyamba kumene, tengani lonjezo, silikunamizani kawirikawiri. Funso liwayenera amene akudziwa kale madandaulo enieni a owatsatira, mpaka mawu amene iwo amadandaulira.