Faiba ndi yokhazikika, koma olandira madandaulo anandizunza masiku 9

Ndikulemba ndemangayi patatha miyezi 8 chilumikizireni intaneti ya faiba m'nyumba mwanga, ndipo kunena zoona mtima wanga sunazizire bwinobwino chifukwa cha zimene ogwira ntchito ku kampani imene inandilumikizira anandichita mwezi wathawu. Ndimalipira phukusi la 50 Mbps, kuphatikizapo ndalama yolumikizira imene wotsatsa malonda wawo sanaitchule mpaka tsiku losaina. Munthu yemweyo ndi amene anandiuza, akundiyang'ana m'maso, kuti faiba siwonongeka. Ndisanafike pa nkhani ya masiku 9 aja, ndiyenera kunena kumene ndachokera, chifukwa ndagwiritsapo ntchito mitundu itatu ya intaneti ya m'nyumba ndipo uliwonse uli ndi kadwalidwe kake.

ADSL, intaneti yodzera pa waya wa lamya, ndinakhala nayo zaka 6. Papepala amalemba kuti imafika 24 Mbps, koma liwiro limenelo amalipeza okhawo amene ali pafupi kwambiri ndi nyumba ya makina a lamya, popeza mphamvu imachepa pamene waya wa kopa ukutalika. Patsamba la modemu yanga nambala ya `Line Attenuation`, yosonyeza mphamvu yotayika m'waya, inali 45 dB, ndipo ndinkapeza 6 Mbps. Liwirolo linali lochepa, komabe kunja kukauma silinkasuntha kwenikweni, m'mawa ndi usiku chimodzimodzi. Mdani wake anali chinyezi. Mvula ikagwa, nambala ya `SNR Margin`, yosonyeza mmene siginolo ikuposera phokoso la m'waya, imene inkakhala pa 6 dB, inkatsika kufika pa 2, kanyali ka DSL n'kuyamba kuphethira, ndipo modemu ikalumikizanso inkabwera ndi liwiro lotsika kuposa loyamba. Ndinaphunzira kunyamula lamya, kudina nambala imodzi kuti kulira kwake kusiye, kenako n'kumvetsera. Kukamveka kuthetheka ngati moto wa nkhuni zaziwisi, ndinkadziwa kuti vuto lili pa waya wa panja, ndipo kawiri konse mmisiri anapezadi mfundo ya waya itachita dzimbiri pa mlongoti.

Nditatopa nayo ndinasamukira ku intaneti ya kadishi ka padenga, yolandira kuchokera pa nsanja, ndipo ndinapirira nayo zaka ziwiri. M'mawa inkandipatsa 20 Mbps, koma ikamakwana 8 koloko usiku inkagwa mpaka 3 Mbps, chifukwa tonse oloza pa nsanja imodzi tinkagawana mpata womwewo. Chimene chinanditsimikizira ndi chakuti mphamvu ya siginolo inkakhalabe pa -62 dBm ngakhale liwiro litagwa chotero. Tsiku limene mphepo yamkuntho inapotoza kadishiko zinaoneka mosiyana, pakuti nambala ija inatsika kufika pa -76 dBm ndipo intaneti inali yoipa usana ndi usiku womwe.

Choncho faiba itabwera, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuyesa liwiro m'mawa, masana ndi 8 koloko usiku, kompyuta nditailumikiza ndi waya ku rauta kuti Wi-Fi isasokoneze zotsatira. Nthawi zonse ndinkapeza 47 kapena 48 Mbps. Faiba nayonso amagawana, chingwe chimodzi chochokera ku makina a kampani chimatha kugawidwa kwa nyumba 32 kapena 64, koma pa mtundu wa faiba wotchedwa GPON chingwecho chimanyamula pafupifupi 2.5 Gbps, ndiye mpata umakhalapo wokwanira. Mvula inagwa kangapo osasintha kalikonse. Kwa miyezi 7 ndinalibe dandaulo.

Vuto linayamba Lolemba madzulo. Intaneti inkaduka kwa masekondi ochepa, n'kubwerera, kenako n'kudukanso patapita mphindi 20 kapena ola. Pa kabokosi ka ONT, kamene chingwe cha faiba chimalowamo, kanyali ka PON, kosonyeza kuti kabokosiko kalumikizana ndi kampani, kankaphethira m'malo moyaka chiyakire, ndipo nthawi zina kanyali kofiira ka LOS kankayaka n'kuzima. Kanyali ka LOS kamatanthauza kuti kuwala kochokera ku kampani sikukufika. Kakayaka osazima, nthawi zambiri chingwe chaduka penapake, mwina okumba ngalande achidula kapena galimoto yaitali yachikoka. Koma kakamayaka n'kuzima, chingwe chilipo ndithu, kungoti kuwala kukufika kochepa kwambiri moti kabokosiko kakuvutika kukuwerenga.

Ndinaimba foni tsiku lomwelo. Mayi amene anayankha anandiuza kuti ndizimitse rauta, ndidikire mphindi 5, ndiyatsenso. Ndinachita zimenezo. Mawa lake wina anandiuza zomwezo, ndipo tsiku lachitatu wina anawonjezera kuti mwina m'nyumba mwanga muli mafoni ambiri pa Wi-Fi. Ndinawafotokozera mofatsa kuti kanyali ka LOS kali pa kabokosi kawo, osati pa rauta, ndipo mafoni a m'nyumba sangachepetse kuwala kwa m'chingwe. Yankho lawo linali lakuti, “Bambo, kwathu kuno makina akuonetsa kuti muli pa intaneti.” Zinali zoona pa mphindi imeneyo, chifukwa vutolo linali lobwera n'kupita, koma palibe aliyense wa iwo amene anafuna kuyang'ana mbiri ya mzerewo kuti aone kuti unaduka kangati usiku wapitawo. Dandaulo langa analitseka kawiri, akulemba kuti lathetsedwa, ine ndisanaone munthu aliyense pakhomo panga. Ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero, chifukwa ntchito yanga imadalira misonkhano ya pa vidiyo, ndipo sabata imeneyo ndinadukidwa pakati pa kulankhula kosawerengeka.

Tsiku lachisanu ndinaganiza zosonkhanitsa umboni ndekha. Pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa ndi waya ndinalemba lamulo ili:

```
ping -n 300 8.8.8.8
```

Limatumiza timauthenga 300 ku seva ya Google, kamodzi pa sekondi iliyonse, n'kuwerenga tomwe tabwerera. Mzere uli bwino sindinkataya ngakhale kamodzi, ndipo nthawi yoyankhira inkangosiyana pang'ono. Tsiku limenelo mizere ya `Request timed out` inkabwera yondondozana, khumi kapena kuposa, kenako zonse n'kubwerera mwakale ngati palibe chachitika. Zimenezi n'zosiyana ndi zimene ndinkaona pa kadishi madzulo, pamene nthawi yoyankhira inkakwera n'kutsika mosalekeza chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Apa mzere unali wangwiro kapena wakufa, popanda chapakati.

Kenako ndinalowa patsamba la kabokosi ka ONT n'kupeza nambala yotchedwa `Rx Optical Power`, imene imasonyeza mphamvu ya kuwala kofika m'nyumba. Nambalayi imakhala ndi chizindikiro chochotsera, choncho -28 ndi kuwala kochepa kuposa -20. Timabokosi tambiri ta GPON timagwira bwino ntchito pakati pa -8 ndi -27 dBm. Yanga inkasewera pakati pa -27 ndi -29 dBm, pamalire penipeni, ndipo kusintha pang'ono kokha kunali kokwanira kugwetsa mzere. Nambala imeneyi ogwira ntchito a kampani amatha kuiona ali pamipando yawo. Nditaimbanso n'kuitchula, mwamuna amene anayankha anakhala chete kwakanthawi, kenako anati atumiza mmisiri. Anafika patatha masiku ena anayi.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa mmisiri amene anabwera anali munthu wodziwa ntchito yake ndiponso waulemu. Sanafunse za rauta. Anazula kamutu kobiriwira ka chingwe, anandichenjeza kuti ndisayang'anemo chifukwa kuwala kwake sikuoneka ndi maso koma kungathe kuwawononga, anakapukuta ndi kachipangizo kake, n'kuyeza ndi mita. Inawerenga -28 dBm, kusonyeza kuti fumbi silinali gwero la vuto. Anatuluka kukayeza pa bokosi la pa mlongoti ndipo anapeza -18 dBm. Anati, “Bambo, kuwala kukufika bwino mpaka panja, kukutayika pakati pa mlongoti ndi khoma lanu.” Kenako analumikiza katochi ka kuwala kofiira kumapeto kwa chingwe, n'kuyamba kuchitsatira pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma.

Pamwamba pa chitseko chakumbuyo, pamene chingwe chimakhota kulowa m'nyumba, panaoneka kadontho kofiira kakuwala kudzera m'chikopa cha chingwecho. Amene anadzalumikiza poyamba anachipinda pakona ngati waya wa magetsi, n'kuchikhomerera ndi kachitsulo kothina, ndipo chitseko chikamatsekedwa mwamphamvu chinkachikankha pang'onopang'ono kwa miyezi yonseyi. Mkati mwa faiba muli kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi, ndipo kakapindika kwambiri kuwala kumathawira pambali m'malo motsata njira yake. Mmisiriyo anadula gawo lowonongekalo, analumikiza lina ndi makina ake osungunulira galasi, n'kulikhotetsa mozungulira bwino patali ndi chitseko. Ntchito yonse inatenga mphindi 40. Nambala ija inabwerera pa -19 dBm ndipo sinasunthenso.

Mkwiyo wanga unachepa nditaona zimenezi, chifukwa ndinazindikira kuti faibayo payokha sinandikhumudwitse. Pa ADSL vuto linkabwerera nyengo iliyonse ya mvula ngakhale atakonza, ndipo pa kadishi panalibe chokonza n'komwe, popeza nsanja ikadzaza mmisiri alibe chochita pakhomo panu. Pa faiba vuto linali limodzi, lokhala pamalo amodzi, loyezeka ndi nambala, ndipo litachotsedwa liwiro linabwerera pa 48 Mbps usiku womwewo. Amene akufuna liwiro losasinthasintha madzulo, pakati pa mitundu itatuyi ndingawalangize faiba mosakayika, ndipo ndingawauze kuti tsiku lolumikiza aimirire pomwepo, aone mmene chingwe chikukhotera pamakona, ndiponso apemphe mmisiri awauze nambala ya `Rx Optical Power` kuti aisunge.

Koma kampaniyi sindingaipatse nyenyezi zoposa zitatu. Olumikiza awo ndi amene anapinda chingwe, olandira madandaulo awo ndi amene anataya masiku asanu akundiuza za rauta, ndipo bilu ya mwezi umenewo inabwera yathunthu, osachotsapo ngakhale tsiku limodzi. Ndinalemba kalata yopempha kuti andibwezere ndalama ya masiku 9 aja, nditaikamo zithunzi za nambala zonse ndi lipoti la mmisiri wawo yemwe. Papita masabata atatu tsopano ndipo sanandiyankhe.