Ndemanga yanga pa qpdf ndi Ghostscript, nditagwiritsa ntchito miyezi inayi

Ndimakonza kabuku koonetsa katundu wathu, ka masamba 48 ndipo pafupifupi tsamba lililonse lili ndi zithunzi. Titakaika pa intaneti ngati fayilo ya PDF kanali kolemera 62 MB, ndipo madandaulo anayamba tsiku lomwelo. Munthu akadina ankangoona sikirini yoyera mpaka kugwa mphwayi n'kutseka. Poyamba ndinayesa tsamba lina la pa intaneti lochepetsa mafayilo. Linachepetsadi kwambiri, koma pachithunzi cha botolo timalemba ta pachizindikiro chake tinasanduka chimbuuzi. Apa mpamene ndinatembenukira ku mapulogalamu awiri aulerewa, ndipo mpaka lero sindinawasiye.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti mavuto anali awiri osiyana, kulemera kwa fayilo ndi kasanjidwe ka zam'kati mwake. Ghostscript ndimaigwiritsa ntchito pa vuto loyamba, qpdf pa lachiwiri.

Ndisanachepetse chilichonse, ndimayamba ndaona zithunzi zimene zili m'fayilo ndi lamulo ili la m'gulu la mapulogalamu a Poppler:

```
pdfimages -list buku.pdf
```

Pamndandanda umene umatuluka, yang'anani pamene palembedwa `x-ppi`. Nambala imeneyo imasonyeza kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi monga mmene chithunzicho chakhalira patsamba. Chithunzi cha botolo chija chinachokera mu kamera chili ndi timadontho 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali, koma patsamba chinangotenga mainchi asanu m'lifupi. Ndiye kuti pa inchi iliyonse panapanikizana timadontho 800. Diso la munthu amene akuwerenga pa foni kapena pa kompyuta silingaone zonsezo. Mukatsitsa kufika pa 200, chithunzicho chimakhala 1000 kwa 750, kutanthauza kuti pa timadontho 16 tilitonse patsala kamodzi, koma pa kukula kumene anthu amawerengera simuona kusiyana.

Ghostscript ili ndi makonzedwe okonzeratu. La `/screen` limatsitsa zithunzi kufika pa 72, la `/ebook` pa 150. Ndinayesa onse awiri. Pa 72 timalemba ta pabotolo sitinawerengeke, ndipo pa 150 tinawerengeka koma ndikakulitsa tsamba pang'ono m'mbali mwa zilembo munkaoneka ngati mwanyowa. Ndinakhazikika pa 200, ndipo lamulo limene ndimalemba ndi ili:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/printer \
 -dDownsampleColorImages=true -dColorImageResolution=200 \
 -dColorImageDownsampleType=/Bicubic \
 -o zochepa.pdf buku.pdf
```

Ndinasankha `/printer` ngati poyambira chifukwa imafinya zithunzi za JPEG mofatsa kusiyana ndi awiri aja. Fayilo inatsika kuchoka pa 62 MB kufika pa 9 MB.

Pali kanthu kamodzi kamene kanandisokoneza tsiku lonse. Nditayang'ananso mndandanda wa zithunzi, ndinapeza zina zikadali pa 280, osati 200, ndipo ndinkaganiza kuti ndalemba lamulo molakwika. Zoona zake n'zakuti Ghostscript simakhudza chithunzi pokhapokha chitapitirira nambala imene mwapempha kuchulukitsa ndi 1.5. Mukapempha 200, imatsitsa zokhazo zopitirira 300. Nditamvetsa ndinayamikira, chifukwa JPEG imataya kenakake nthawi iliyonse imene yafinyidwanso, ndiye kuvutitsa chithunzi cha 280 kuti chifike pa 200 kukanawononga zambiri kuposa zimene ndikanapindula.

Wina akakulonjezani kuchepetsa fayilo "osataya ubwino wooneka", musakhulupirire musanaone ndi maso anu. Ine ndimatsegula fayilo yakale ndi yatsopano moyandikana, n'kukulitsa zonse kawiri, kenako ndimapita pamalo pamene pamavuta: zilembo zazing'ono za m'kati mwa chithunzi, mizere yopyapyala, ndi malo amene mtundu umasintha pang'onopang'ono monga mthunzi wa kumbuyo kwa katundu. JPEG ikafinyidwa mopitirira, mumaona timabokosi tating'ono pamthunzipo komanso tizitsotso tozungulira zilembo ngati udzudzu. Zithunzi za kamera zimabisa zimenezi bwino. Matebulo ndi zojambula za mizere zimene zinaikidwa ngati zithunzi sizibisa n'komwe. Ineyo ndinali ndi tebulo la miyezo patsamba 31 limene ndinachita kulijambula pa sikirini, ndipo mankhwala ake anali kulilembanso ngati malemba enieni m'fayilo yoyambirira. Malemba enieni sachepetsedwa ndipo amaoneka bwino pa kukula kulikonse.

Tsopano za kasanjidwe. PDF wamba imasunga kalozera wake, amene amanena pamene pali tsamba lililonse ndi chithunzi chilichonse, kumapeto kwenikweni kwa fayilo. Zofunika patsamba loyamba zikhoza kukhala zitamwazikana paliponse. N'chifukwa chake nthawi zambiri wowerenga amadikira fayilo yonse kuti aone ngakhale chikuto. Fayilo ikasanjidwanso kuti izitseguka msanga pa intaneti, zonse za tsamba loyamba zimabwera kutsogolo pamodzi ndi kalozera wake wakewake, komanso pamaikidwa zolozera zothandiza pulogalamu kupempha tsamba lina lililonse popanda kutsitsa onse apakati. Ndi qpdf ntchitoyi ndi ya mzere umodzi:

```
qpdf --linearize zochepa.pdf yomaliza.pdf
qpdf --check-linearization yomaliza.pdf
```

Musayembekezere kuti fayilo ichepa pa sitepe imeneyi. Ikhoza kukula pang'ono chifukwa cha zolozera zija. Chimene ndimaikondera qpdf n'chakuti pa lamulo limeneli simakhudza zithunzi ngakhale pang'ono, imangosuntha zinthu. Mukatsegula fayiloyo mu Acrobat n'kupita pa `Document Properties`, pamene palembedwa `Fast Web View` payenera kunena `Yes`.

Kawiri konse ndinapeza kuti zasokonekera, ndipo kawiri konseko vuto silinali la qpdf. Ulendo woyamba mnzanga anatsegula fayilo yomaliza, n'kukonza nambala ya foni imodzi, n'kusunga. Mapulogalamu ambiri akamasunga amangomata zosinthazo kumapeto kwa fayilo, ndiye kutalika kwa fayilo sikugwirizananso ndi kumene kunalembedwa koyambirira kwake, ndipo fayiloyo imatengedwanso ngati wamba. Choncho qpdf iyenera kukhala yomaliza kugwira fayilo, ndipo mukasintha kanthu kalikonse muibwereze. Ulendo wachiwiri vuto linali la seva yathu, imene sinkalola kupereka fayilo m'zigawo. Kuti mudziwe ngati seva yanu imalola, lembani izi, koma muikepo adiresi ya fayilo yanu:

```
curl -I https://example.com/yomaliza.pdf
```

Pa yankho lake funani mzere wakuti `Accept-Ranges: bytes`. Ngati palibe, kudumphira patsamba 40 kudikirabe kuti masamba onse apakati atsike kaye. Woyang'anira seva atakonza zimenezi, chikuto chinayamba kuoneka fayilo yonse isanathe kutsika.

Mapulogalamuwa alibe mabatani odina, zonse n'zolemba, ndipo sabata yoyamba ndinkachita kukopera malamulo kuchokera mukope langa. Dziwaninso kuti Ghostscript imapanga fayilo yatsopano kotheratu, choncho ndimayesa maulalo onse ikamaliza, ndipo fayilo yokhala ndi mafomu odzaza ndimaiyang'ana mosamala kwambiri. Fayilo yosainidwa pakompyuta sindiyipititsa mwa iliyonse ya ziwirizi chifukwa siginecha yake imasiya kugwira ntchito fayilo ikalembedwanso. Yoyambirira ya 62 MB ija ndimaisungabe payokha, ndipo ndi imene ndimatumiza kukasindikiza papepala.

Kwa qpdf ndikupereka nyenyezi zisanu. Kwa Ghostscript ndikupereka zinayi, chifukwa pamafunika kuleza mtima kuti upeze nambala yoyenera zithunzi zako.