Cape Town kapena Durban m'nyengo yozizira?

Ife a ku Joni tikafuna kukaona nyanja, Disembala sitimukwanitsa: malo ogona amadula, basi pa Park Station imadzaza. Ndiye ambiri timadikira Ogasiti, ana atabwerera kusukulu. Koma mizinda iwiriyi imasiyana kwambiri nthawi imeneyi.

Ku Cape Town mitengo imatsikadi, chifukwa ndi nyengo yawo ya mvula. Vuto lake, zomwe mwapitira zimatha kutsekedwa. Mphepo ikakula, boti la ku Robben Island silinyamuka, ndipo chikepe chokwera nacho phiri la Table Mountain chimaima. Zaka zambiri amachitsekanso masiku angapo chakumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti kuti achikonze. Kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 kenako n'kukangoona chifunga zimapweteka. Masiku awiri ndi ochepa kumeneko. Mukhale ndi anayi kuti limodzi likayere.

Durban ili pafupi, makilomita osakwana 600 pamsewu wa N3. Masana kumafunda, mvula n'kamodzikamodzi, ndipo m'nyanja anthu amasambabe. Ingopewani Loweruka loyamba la Julayi, la mpikisano wa akavalo, chifukwa zipinda zimakwera mtengo.

Wa tchuthi chachifupi, ine ndingamulozere ku Durban.