Kirediti noti kapena kubweza ndalama: m'mabuku zimalowa bwanji?

Kasitomala wagula zitini 10 za penti, chimodzi K20,000. Tingoyerekeza kuti VAT ndi 16.5 peresenti: katundu K200,000, msonkho K33,000, invoisi yonse K233,000. Patapita masiku atatu wabwera ndi zitini ziwiri, akuti mtundu si umene ankafuna. Ziwirizo ndi K40,000, VAT yake K6,600, zonse pamodzi K46,600.

Invoisi yoti yatuluka kale siifufutidwa. Mumalemba kirediti noti, chikalata chochepetsa ndalama za pa invoisi, yokhala ndi nambala yakeyake, yotchulanso nambala ya invoisi ija. M'mabuku, K40,000 ipita ku debiti ya katundu wobwezedwa, K6,600 ku debiti ya VAT, ndipo K46,600 ku kirediti ya akaunti ya kasitomala. Ku banki sikutuluka ngakhale tambala imodzi. Ngati anatenga pangongole, nkhani yathera pomwepo: ngongole yatsika kufika K186,400.

Nanga ngati analipira kale yonse? Apa ndiye pali kusankha. Akaunti yake tsopano ikuonetsa kuti wangongole ndinu. Mutha kuisiya K46,600 ija kuti idzadulidwe pa oda yotsatira, kapena kumupatsa m'manja. Kubweza ndalama kumakhudza malo awiri okha: debiti ku akaunti ya kasitomala, kirediti ku banki kapena ku kashi. Sikuchepetsa malonda, sikuchepetsa VAT.

Ambiri amapunthwa pomwepa. Wapakauntala atsegula kabati, awerengera kasitomala K46,600, alemba m'kabuku kuti "tabweza", basi, kirediti noti osalemba. Pakutha pa mwezi leja ikuti munthu amene analipira zonse ali ndi ngongole ya K46,600, malonda akadali K200,000, ndipo ku MRA mukupereka K6,600 ya penti amene ali phee pa shelefu yanu. Mukaona ngongole yofanana ndendende ndi ndalama imene inatuluka m'kabati, funsani kirediti noti musanamuimbire kasitomala.

Ine kontirakitala wobwera sabata iliyonse ndimamusiyira pa akaunti, chifukwa ndalama imakhalabe m'bizinesi. Koma si yanu ayi, ndi ngongole, ndipo ikaiwalika imangokhala pa sitetimenti miyezi ndi miyezi, n'kumachititsa kuti chiwerengero cha angongole anu chioneke chochepa. Wongodutsa, amene simudzamuonanso, mubwezereni, makamaka kudzera njira yomwe analipirira, ndipo asayinire.

Pali nthawi zina zimene kubweza kumayenda kokha, monga kasitomala akalipira invoisi kawiri. Pamenepo katundu sanabwerere, mtengo sunasinthe, choncho kirediti noti ingangodula malonda ndi VAT popanda chifukwa.

Zitini zija musaziiwale. Ngati sizinatsegulidwe, zibwerere mu sitoko pa mtengo umene munaodera, osati pa K20,000.