Kabati ya galasi m'bafa: ya m'sitolo yochotsa nthunzi kapena ya kalipentala?

Anzanga akhala akundifunsa chifukwa chimene ndinachotsera kabati ya galasi yamagetsi imene ndinagula m'sitolo ina, n'kuikapo ya mlombwa yokhoma kalipentala wa konkuno ku Zomba. Pakhomo pathu anthu asanu ndi mmodzi timasamba m'bafa limodzi, ndiye zonse ziwiri ndaziona bwino.

Pa nkhani ya nthunzi, ya m'sitolo imapambana, sindingakane. Galasi limachita mbuu chifukwa nthunzi ya madzi otentha ikakhudza galasi lozizira imasanduka timadontho, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi, mphepo ikamatsika m'phiri, vutoli limakula. Kuseri kwa galasi lamagetsi kuli kachipangizo kopyapyala kamene kamalitenthetsa pang'ono. Komabe kamangoyeretsa pakati pokha, m'mbali mumakhalabe nthunzi, ndipo magetsi akazima n'chimodzimodzi galasi wamba. Wogulitsa sanandiuzenso kuti m'bafa mwathu munalibe waya woyenera, moti ndinalipira mmisiri wa magetsi kuti aboole khoma ndi kuika swichi kunja kwa chitseko. Amene mukulifunabe, onani kuti pabokosi palembedwa IP44, chizindikiro chakuti madzi othovukira salowa mkati.

Chimene chinandipweteka mtima ndi thupi la kabatiyo. Kunja inkawala ngati pulasitiki, koma mkati munali thabwa la utuchi wopanikiza, limene limamwa chinyezi kudzera m'mphepete ndi m'mabowo a masikuluwu. Dzinja limodzi lokha, shelefu ya pansi, pamene ana ankaika miswachi yonyowa, inafufuma n'kuyamba kusendeka, kenako masikuluwu a mahinjesi anasowa pogwira ndipo chitseko chinapendekeka. Thabwa lotere likafufuma silibwereranso. Pogula, yang'anani kuseri kapena m'bowo lililonse. Mukaona tizidutswa ta utuchi, isiyeni.

Ya mlombwa ndinaipangitsa poyeza katundu wathu. Ndi yakuya masentimita 15, okwanira botolo la mafuta odzola koma osagunda mutu munthu akawerama pa sinki. Shelefu ya pansi ndi ya ana, yapakati ya akuluakulu, ndipo malezala ali pamwamba pamene mwana sangafikire. Mankhwala a kuchipatala sitisungamo, chifukwa chinyezi chimawononga mapiritsi. Kalipentala anapaka vanishi mbali zonse, ngakhale kuseri, ndipo anamata m'mphepete mwa galasi kuti madzi asalowe n'kulidetsa mawanga akuda aja.

Nanga nthunzi? Timapaka sopo wouma pagalasi n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka liwale, ndipo limakhala masiku angapo osachita mbuu. Tikatha kusamba timatsegula zenera. Mayi a ana amadandaulabe kuti nyali ya kabati yakale ija inkawathandiza pokonza tsitsi m'mamawa, choncho mwezi wamawa ndiika nyali pamwamba pa galasi, pa waya womwe uja ndinalipira kale.